Atibweza ku CT ati kaye impso, chonsecho vuto lili m'mimba

Nachisale_wa_kuChilomoni
Abale ndithandizeni maganizo, mtima wanga sukukhazikika. Bambo anga ali ndi zaka 68, akhala akudandaula m'mimba ndipo aonda kwambiri. Adokotala anatilembera CT ya m'mimba, ija amabaya mankhwala mumtsempha. Tafika m'mawa, bambo osadya osamwa kuyambira usiku, wojambula wangoona pepala la ku labu n'kunena kuti lero ayi, tikaonanenso ndi adokotala. Pa pepalapo palembedwa manambala a impso, kiriyatinini 168 µmol/L, eGFR 38. Impso zikubweramo bwanji pa nkhani ya m'mimba? Kapena ndi njira yongotizengereza? Bambo ali ndi shuga ndi bipi, amamwa metifomini.

Kabaza_Express
Makina awonongeka amenewo, akungosowa ponenera. Ife tinazolowera.

Wojambula_Mkati
A Kabaza, makina akawonongeka timanena kuti awonongeka, sitinamizira impso za munthu.

Achemwali a Nachisale, ine ntchito yanga ndi yomweyo. Mankhwala amene timabaya aja ndi kontirasiti, madzi okhala ndi ayodini wambiri. Ayodini amatchinga cheza cha makina, ndiye paliponse pamene magazi afika pamawala pa chithunzi. Chotupa cha m'chiwindi kapena m'kapamba chimatha kubisala osaoneka ngati tajambula popanda mankhwalawa. Kwa munthu wamkulu timabaya mamililita pafupifupi 100, ndipo pampu imawakankha mofulumira, mamililita 3 kapena 4 pa sekondi. Tikatha kujambula, thupi silikhala nawonso ntchito, ndipo khomo lake lotulukira ndi impso. Impso zabwinobwino zimachotsa theka lake m'maola awiri, ndipo pofika mawa lake pafupifupi onse amakhala atatuluka ndi mkodzo. Ndiye ngakhale tikujambula m'mimba kapena m'mutu, zosenza katunduyo ndi impso.

Nachisale_wa_kuChilomoni
Zikomo achimwene. Nanga 38 ameneyu ndi woipa kwambiri? Mlongo wanga akuti anamva kuti choopsa ndi kutsika pansi pa 30.

Kiliniko_wa_kuBoma
Alongo anuwo sananame. Malangizo amene mabungwe a madokotala ojambula ndi a impso ku America anagwirizana mu 2020 amaika malire pa eGFR ya 30, nambala yosonyeza mmene impso zikusefera magazi. Koma muli mawu ena amene anthu amawadumpha: pansi pa 30, kapena munthu amene impso zake zikuvulala panopa. Mbali yachiwiriyi ndi imene ndikuikayikira kwa bambowa. Tatsegulani kabuku kawo ka kuchipatala. Muli kiriyatinini wina wakale, uja amakwera m'magazi impso zikafooka? Komanso masiku apitawa anatsegula m'mimba kapena kusanza? Pali mankhwala ena amene akumwa kupatula a shuga ndi bipi?

Nachisale_wa_kuChilomoni
Ndapeza, miyezi isanu ndi umodzi yapitayo anali 115. Sabata yathayi anatsegula m'mimba ndithu, ndipo kudya kukuvuta. Za mankhwala, amamwanso daikulofenaki wa mawondo, amagula okha pa golosale. Ameneyo sitinawauze adokotala, timangoti ndi wa ululu basi.

Kiliniko_wa_kuBoma
Ndiye wojambula uja wakuchitirani zabwino. Kiriyatinini wa 115 kwa bambo wa zaka zimenezo amapereka eGFR ya pafupifupi 60. Lero ali pa 168, ndiye kuti wakwera pafupifupi ndi theka. Funso ndi lakuti wakwera pang'onopang'ono m'miyezi yonseyi, kapena wakwera sabata imodzi yokhayi. Pepala limodzi silingayankhe. Masamu a eGFR amagwira ntchito ngati kiriyatinini waima pamodzi. Ngati akukwerabe, 38 ameneyo akunama, chifukwa kiriyatinini amachedwa: impso zikhoza kukhala zitatsika kale kwambiri koma nambala isanafike pomwe ikupita.

Tsopano phatikizani zimene mwanenazi. Munthu watsegula m'mimba, madzi achepa m'thupi. Wamwa daikulofenaki, amene amaphinja timitsempha tolowetsa magazi mu impso. Ngati mankhwala awo a bipi ali enalapulo kapena aja ochulukitsa mkodzo, nawonso amawonjezera pa vutolo munthu akauma. Kenako wagona ndi ludzu usiku wonse. Kontirasiti nayenso amachepetsa magazi oyenda mkatikati mwa impso kwa kanthawi, ndipo amakhala nthawi yaitali mu timachubu ta impso ngati mkodzo ukuyenda pang'ono. Chimodzi chokha thupi limapirira. Zonse pamodzi ndiye mavuto.

Pitani kwa adokotala, auzeni za daikulofenaki ndi kutsegula m'mimba kuja. Ndikuganiza kuti aletsa mankhwala a mawondowo, aona ngati akufunika diripu, n'kuyezanso magazi pakadutsa masiku angapo. Metifomini naye afunseni lero lomwe, musadikire tsiku la CT.

Chule_wa_mDambo
Bulufeni ndi indosidi nawonso ali gulu lomwelo? Amayi anga amatafuna ngati mtedza.

Namwino_wa_Usiku
Gulu limodzi. Panado ndiye alibe mlandu umenewu.

Mphunzitsi_Wopuma
Ine ndifunse mwina. Pa pepala langa la ku labu amalemba malire a kiriyatinini, ndipo wanga amakhala mkati mwa malirewo. Ndiye eGFR yachiyaninso? Si kuchulukitsa manambala kuti tisokonezeke?

Wojambula_Mkati
Aphunzitsi, kiriyatinini amachokera ku minofu. Munthu wa minofu yambiri amapanga wambiri, wochepa thupi amapanga wochepa. Tengani 100 µmol/L. Kwa mnyamata wa zaka 30, eGFR yake imatuluka pafupifupi 90, palibe nkhani. Nambala yomweyo kwa agogo aakazi a zaka 75 imapereka pafupifupi 50. Odwala ambiri amene amabwera ku CT ya m'mimba amakhala ataonda, minofu itatha, ndiye kiriyatinini amaoneka wokongola pamene impso zatopa. Ngakhale eGFR yomweyo imawakometsera anthu owonda kwambiri, chifukwa siidziwa kulemera kwa munthu.

WakuJoni_Mjomba
Ine ndikutsutsako pang'ono. Kuno ndinachita ngozi ya galimoto, anandilowetsa m'makina usiku womwewo, anandibaya mankhwalawo, palibe anadikira za labu. Dokotala wina anandiuza kuti nkhani yoti kontirasiti amawononga impso anaikokomeza kale, mankhwala a masiku ano ndi ofatsa. Kwathuko mwina tikungoopa mthunzi.

Kiliniko_wa_kuBoma
A Mjomba, theka la zimene mwanena ndi zoona. Pa ngozi sitidikira, chifukwa munthu amene akutaya magazi mkati akhoza kufa pa ola limodzi, pamene impso ikavulala ndi kontirasiti nthawi zambiri imabwerera. N'zoonanso kuti kale milandu yambiri ankaikankhira kontirasiti. Munthu wodwala kwambiri amene akupita ku CT impso zake zimatha kuvulala ndi matenda omwewo, ndipo ofufuza atayerekeza ojambulidwa ndi mankhwala ndi ojambulidwa opanda mankhwala, kwa anthu a impso zabwino kusiyana sikunaoneke. Mankhwala monga ayohekisolo amene timagwiritsa ntchito lero ndi ofatsa kuposa akale. Koma inu munali ndi impso zathanzi. Bambo a Nachisale CT yawo ikhoza kudikira masiku atatu popanda chotayika, ndipo zimene zikuvulaza impso zawo n'zotheka kuzichotsa. Kuthamangira chiyani?

WakuJoni_Mjomba
Chabwino, koma ndikudziwa anthu amene akanizidwa CT miyezi chifukwa cha nambala, chotupa chikukula. Kuopa kumeneko nakonso kumapha.

Wojambula_Mkati
Pamenepo ndiye sindikutsutsani. Ngakhale eGFR ili pansi pa 30 si chiletso, ndi chenjezo. Ngati yankho la chithunzicho lisintha chithandizo, timajambula, titayamba tapereka diripu ya madzi a mchere a 0.9% isanachitike CT ndi maola angapo pambuyo pake, n'kuyezanso kiriyatinini pakadutsa maola 48 mpaka 72. Wa mtima wofooka diripu timaisamala, madzi angadzaze m'mapapo. Komano kunoko tikumbukire kuti dayalisisi ya boma, makina otsuka magazi impso zikalephera, anthu amaidziwira ku Queens ndi ku Kamuzu Central, si pa boma lililonse. Nchifukwa chake ena mwa ife timapendekera ku kusamala. Tikhoza kukangana mpaka mawa kuti malire abwino ndi ati.

Mayi_a_Mapasa
Pepani kulowerera, koma ine ndikuopa zina. Ndikadya usipa ndimatuluka ziwengo thupi lonse. Anzanga akuti nsomba zili ndi ayodini, ndiye CT imeneyi ingandiphe. Yanga ili sabata yamawa.

Kabaza_Express
Usipa wake wa kuti? Wina umakhala utagona pa msika, ngakhale ine umandiyabwa.

Chule_wa_mDambo
Wa ku Nkhata Bay sungayabwe munthu. Vuto ndi uja wokazingira mafuta obwerezabwereza.

Kabaza_Express
Mwayamba kukonda kwanu a Chule. Bonya ndi bonya basi.

Namwino_wa_Usiku
Tiyeni tiwayankhe mayiwa, za usipa mukapitirize ku msika. Mayi a Mapasa, mchere umene mumathira ndiwo tsiku lililonse uli ndi ayodini, ndipo chithokomiro chanu chimamufuna. Thupi silidana ndi ayodini. Chimene chimakuyabwani mu nsomba ndi mapuloteni a nsombayo, ndipo mu kontirasiti mulibe. Komabe auzeni ojambula, chifukwa munthu amene thupi lake limakonda kudana ndi zinthu, kaya nsomba, kaya mazira, kaya mtedza, kapena wa mphumu, mpata woti adane ndi mankhwalawa umakwera pang'ono. Koma nsomba sizoposa zinazo. Amene timamuopa kwenikweni ndi amene anabayidwapo kontirasiti kale n'kumuvuta.

Gogo_wa_Foni
Ndiye ndine ameneyo. Atandibaya ndinamva moto thupi lonse, m'kamwa ngati ndaluma chitsulo, ndipo ndinakhulupirira kuti ndadzikodzera pa bedi la makina. Manyazi ake! Ndinauza ana kuti alembe m'kabuku kuti mankhwalawo sindiyanjana nawo.

Wojambula_Mkati
Agogo, kafufutitseni m'kabukumo, chonde. Zimene munamvazo amamva anthu ambiri ndipo si kudana ndi mankhwala. Kutentha kuja kumayamba pakhosi n'kutsikira kumunsi, nchifukwa chake mumaona ngati mwakodza, koma mukadzuka mumapeza pouma. Kumatha mphindi imodzi kapena ziwiri. Kukoma kwa chitsulo ndi nseru pang'ono n'chimodzimodzi. Vuto la kulemba zimenezi m'kabuku ndi lakuti tsiku lina mudzafunika CT mwachangu, wina adzawerenga n'kuchita mantha, mudzachedwa popanda chifukwa. Mlandu ndi wathu ojambula ngati sitinakuchenjezeni musanagone.

Gogo_wa_Foni
Palibe anandiuza kanthu mwanawe. Anangoti musagwedezeke.

Namwino_wa_Usiku
Kudana kwenikweni kumayambira kwambiri pakhungu: kuyabwa, zotupatupa zofiira ngati walumidwa ndi tizilombo, kuyetsemula, maso kufiira. Ngati zili pang'ono ndipo munthu akupuma bwino, timamuyang'anira, mwina kumupatsa piritoni, zimatha. Koma sitimulola kupita msanga, chifukwa zina zimayamba chonchi n'kukula.

Zimene zimatidzutsa pampando ndi mawu kusintha, kusasa kapena kumva ngati pakhosi pakutsekeka, milomo ndi lilime kutupa, kupuma kolira ngati wa mphumu, kapena munthu kufooka mwadzidzidzi mtima ukuthamanga, bipi itagwa. Pamenepo mankhwala ake ndi adirenalini, 0.5 mg kwa wamkulu, wobaya mu mnofu wa ntchafu, kubwereza pakadutsa mphindi zisanu ngati sizikusintha, kuphatikiza okosijeni ndi diripu yothamanga. Haidirokotizoni ndi piritoni sizitsegula pakhosi pa nthawi yake. Ndaonapo anthu akuthamangira haidirokotizoni chifukwa choopa adirenalini, ndipo mphindi zimenezo ndi zimene zimataya munthu.

Pali chinanso chosokoneza. Wina amakomoka ndi mantha a singano: thukuta, kuyera, bipi kugwa. Kusiyanitsa kwake gwirani pamkono. Wa mantha mtima umagunda pang'onopang'ono, ndipo mukamugoneka n'kukweza miyendo amatsitsimuka. Wodana ndi mankhwala mtima umathamanga.

Mayi_a_Mapasa
Mwandiopseza kwambiri tsopano anamwino.

Namwino_wa_Usiku
Pepani mayi. Ndi mankhwala a masiku ano, odana nawo safika munthu mmodzi pa 100, ndipo ambiri mwa iwo ndi kuyabwa chabe. Zoopsa zija zimagwera anthu pafupifupi 4 pa 10,000. Zambiri zimabwera m'mphindi 20 zoyambirira, nchifukwa chake timakukhazikani panja theka la ola kanula ili pamkono. Musaichotsetse msanga pothamangira minibasi. Ndipo mukamva chachilendo muli m'makina, lankhulani, amakumvani.

Mphunzitsi_Wopuma
Nanga amene anadanadi nawo kale, ndiye kuti CT watsanzikana nayo?

Kiliniko_wa_kuBoma
Ayi. Choyamba timafunsa ngati chithunzi china chingayankhe funso lomwelo. Ngati ayi, ndondomeko yodziwika ndi puredinizoni 50 mg kutatsala maola 13, kutatsala 7, ndi kutatsala limodzi, kuphatikiza mankhwala a ziwengo.

Wojambula_Mkati
Ine puredinizoni ameneyo sindimudalira kwambiri, akiliniko. Anthu ena amadana nawobe atamwa, ndipo wa shuga shuga wake amakwera. Chimene chimathandiza kwambiri ndi kusintha mtundu wa kontirasiti. Nchifukwa chake ndimapempha kuti wina akavutika, m'kabuku mulembedwe dzina lenileni la botolo, chimene chinachitika, ndi mphindi zingati atabayidwa. Kungolemba kuti amadana ndi ayodini sikuthandiza aliyense.

Kiliniko_wa_kuBoma
Kusintha mtundu n'kwabwino kumene kuli mitundu iwiri m'kabati. Malo ambiri uli umodzi womwewo.

Wojambula_Mkati
Apo mwandigwira.

Mlimi_wa_Fodya
Ine zanga sizinali ziwengo kapena impso. Pampu itayamba, mkono unayamba kuwawa ngati ukung'ambika, n'kutupa pa chigongono ngati mpira. Ndinapirira poganiza kuti ndi mmene zimakhalira.

Namwino_wa_Usiku
Kanula inatuluka mumtsempha, mankhwala anathira pansi pa khungu. Kutentha thupi lonse n'kwabwinobwino, koma ululu pamalo pa singano si wopirira, kuwani aimitse pampu. Zambiri zimaphwa zokha mukakweza mkono n'kuikapo chozizira. Koma ululu ukamakula m'malo mochepa, zala zikachita dzanzi kapena kuzizira, kapena patuluka matuza, bwererani msanga, madokotala a opaleshoni aone.

Tikhale_Moyo
Funso langa ndi la ife a ma ARV. Ndili pa TLD ndi bakitirimu, ndipo kiriyatinini wanga anakwera pang'ono nditangoyamba. Ndisiye kumwa CT isanachitike?

Kiliniko_wa_kuBoma
Musasiye, ngakhale tsiku limodzi. Nkhani yanu ili pawiri. Dolutegilaviya wa mu TLD ndi bakitirimu amatchinga kanjira kamene impso imatayira kiriyatinini wina, ndiye nambala imakwera pang'ono m'masabata oyamba n'kuima, impso ikusefa bwinobwino. Koma tenofoviya, amene alinso m'piritsi lomwelo la TLD, amatha kuvulazadi impso mwa anthu ena. Kusiyanitsa kwake ndi komwe kuja: wakwera n'kuima, kapena akukwerabe? Tengani zotsatira zakale, ndipo ngati n'kotheka ayezenso mkodzo.

Mayi_a_Mapasa
Ndayiwala kunena, ndikuyamwitsa.

Namwino_wa_Usiku
Yamwitsani. Amene amafika mu mkaka ndi ochepetsetsa, ndipo matumbo a mwana amayamwa pang'ono chabe mwa ochepawo. Amene ayenera kunena asanabayidwe ndi woyembekezera, komanso wa chithokomiro chotupa kapena chogwira ntchito mopitirira. Ayodini wochuluka chonchi amatha kuchidzutsa pakadutsa masabata, munthu n'kuyamba kunjenjemera, kuonda, mtima kuthamanga, osaganizanso za CT ija.

Nachisale_wa_kuChilomoni
Ndabweranso abale. Adokotala analetsa daikulofenaki, anaimitsa kaye metifomini ndi piritsi limodzi la bipi, bambo analandira diripu. Atayezanso, kiriyatinini watsika kufika 124, eGFR 55. CT yachitika dzulo. Ulendo uno tinafunsa, anatilola kuti amwe madzi m'mawa, chakudya chokha ndi chimene anasala. Anamva kutentha kuja koma tinali titawauza, anangoseka. Zotsatira sizinatuluke. Metifomini ayambirenso liti? Shuga wayamba kukwera.

Kiliniko_wa_kuBoma
Metifomini savulaza impso, koma amatuluka kudzera mu impso. Zikafooka amaunjikana m'magazi n'kubweretsa asidi woopsa. Kwa bambo amene impso zawo zangochoka kumene m'mavuto, ine ndingadikire maola 48 kuchokera pa CT, ndiyezenso kiriyatinini, akakhala kuti sanakwere ndiye ayambe. Kukwera kumene timakuwerengera ndi 26 µmol/L kapena kuposa m'maola 48. Ngati kontirasiti wavulaza impso, nambala imafika pamwamba pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu ndipo nthawi zambiri imabwerera pakatha sabata kapena masiku khumi. Musadalire kuona mkodzo kokha, ambiri amakodza bwinobwino nambala ikukwera. Koma mkodzo ukachepa kwambiri, miyendo kutupa, kusanza kapena kuwodzera kwachilendo, musadikire tsiku loyeza. Za shuga kukwera auzeni adokotala, pali zina zomugwirira masiku awiriwa.

WakuJoni_Mjomba
Pa eGFR ya 55 kuno ambiri sakanaimitsa n'komwe metifomini.

Kiliniko_wa_kuBoma
Malangizo amasiyanadi, ena amati pitirizani ngati ili 30 kapena kuposa, ena amati imitsani pansi pa 60. Koma onse amagwirizana pa munthu amene impso zake zavulala posachedwa, ndipo 55 wa bambowa ndi wa masiku ochepa chabe.

Namwino_wa_Usiku
Achemwali, muziwayang'ananso khungu sabata yonseyi. Pali ziwengo zochedwa zimene zimatuluka kuyambira ola limodzi mpaka masiku asanu ndi awiri, timadontho tofiira toyabwa pachifuwa ndi pamsana. Anthu amanamizira sopo kapena chakudya. Zambiri zimatha zokha, koma zikalembedwe m'kabuku. Zikabwera ndi matuza, zilonda m'kamwa kapena m'maso, kapena kutentha thupi, kuchipatala tsiku lomwelo.

Nachisale_wa_kuChilomoni
Ndamva. Dzina la mankhwala amene anabayidwa silinalembedwe paliponse, ndikafunsa pokatenga zotsatira. Nanga mawondo aja tiwatani? Akuti panado sakuwamva, ndipo ndawapeza akufufuza m'kabati momwe ndinabisa daikulofenaki.

Chule_wa_mDambo
Kabiseni kwa aneba. Amayi anga anapeza wawo ndinabisa m'thumba la ufa.